Pivoti ikuti 1,163 koma mizere ndikuiona 1,248, ndikhulupirire iti?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni chonde, lipoti likufunika mawa m'mawa. Ndili ndi fayilo ya Excel ya alimi omwe alandira mbewu ya soya kuno ku Dedza, mlimi aliyense ndi mzere wake. Makolamu ake ndi `ID`, `Dzina`, `EPA`, `Mudzi`, `Foni` ndi `Kg`, kuyambira A mpaka F. `EPA` ndi dera la zaulimi lomwe mlimi akuchokera. Ndikatsika mpaka pansi, mzere womaliza ndi 1248. Koma pivoti yomwe ndinaipeza kale m'fayilomo, pa `Grand Total` ikuti 1,163. Ndiye alimi 85 alowera kuti? Abwana akufuna nambala imodzi basi, ndipo sindingawapatse yomwe ineyo sindikuikhulupirira.

Mavuto: Mwadina Refresh, achemwali? Nthawi zambiri vuto limakhala lomwelo. Dinani mkati mwa pivoti, kenako Alt+F5. Zitheka pompo.

Nachisale: Ndadina, achimwene. Ndatseka fayilo n'kutsegulanso, ndadinanso `Refresh All`. Ikungokakamira pa 1,163.

Mavuto: Aaa ndiye fayiloyo yaonongeka. Fufutani pivotiyo mupange ina.

A Gondwe: Musafufute kaye, amayi. Mukapanga ina mwina nambala isintha, koma simudziwa chomwe chinavuta, ndipo abwana akadzafunsa chifukwa chomwe lipoti la mwezi watha likusiyana ndi la mwezi uno mudzasowa poyankha. Tiyeni tiyambe ndi chaching'ono. Mzere woyamba uli ndi mitu ya makolamu, eti? Ngati ndi choncho alimi anu si 1,248 koma 1,247. Mmodzi mwa 85 aja ndi mutu chabe. Tatsala ndi 84.

Nachisale: Zoonadi, mzere 1 ndi mitu. Deta ikuyambira pa mzere 2.

A Gondwe: Chabwino. Komabe nambala ya mzere womaliza si kuwerenga, chifukwa pakati pakhoza kukhala mizere yopanda kanthu. Pa kabokosi kena kapadera lembani izi:

```
=COUNTA(A2:A1248)
```

Mutiuze yomwe ituluke.

Nachisale: Yatuluka 1247.

A Gondwe: Ndiye kuti mzere uliwonse uli ndi `ID`, palibe wopanda kanthu. Mbali ya detayo tayima pa 1,247. Tsopano tipite ku pivoti. Pitani pa nambala ya 1,163 ija, pa `Grand Total` penipeni, mudinepo kawiri mofulumira. Excel itsegula tsamba latsopano lokhala ndi mizere yonse yomwe pivotiyo ikuidziwa. Musaope, deta yanu siikhudzidwa, ndipo tsambalo mutha kudzalifufuta mukamaliza. Tsikani pansi pake muone mzere womaliza.

Yamikani ku Joni: Ndikutsatira. Ine sindinkadziwa kuti pa `Grand Total` pamadinika.

Nachisale: Latseguka, dzina lake ndi `Sheet5`. Koma abambo, apa ndiye mwandisokoneza kwambiri. Mzere womaliza ndi 1201, kutanthauza alimi 1,200. Si 1,163, komanso si 1,247. Tsopano ndili ndi manambala atatu!

Mavuto: Kkkkk ndinanena ine kuti fayilo yaonongeka.

A Gondwe: Ayi a Mavuto, fayilo ili bwinobwino. Nambala yachitatuyi ndi yomwe ikutiuza zoona. Mavuto alipo awiri osiyana, ndipo anangounjikana pa 84 paja.

Loyamba: m'deta muli mizere 1,247 koma pivoti ikudziwa 1,200 yokha. Mizere 47 siinafikeko n'komwe.

Lachiwiri: mwa mizere 1,200 yomwe ikuidziwayo, ikuwerenga 1,163 yokha. Mizere 37 ili nayo m'manja koma siikuiwerenga.

47 kuphatikiza 37 ndi 84. Kuonjezera mutu uja ndi 85 yanu ija. Masamu akwana, chatsala n'kupeza chifukwa cha lililonse. Tiyambe ndi 47. Dinani mu pivoti, pamwamba pitani pa `PivotTable Analyze`, mudine `Change Data Source`. Ngati Excel yanu ndi yakalepo, pamwambapo palembedwa `Analyze` kapena `Options`. Mutikopere zomwe zalembedwa pa `Table/Range`.

Nachisale: Palembedwa chonchi:

```
Alimi!$A$1:$F$1201
```

A Gondwe: Ndi pamenepo. Amene anapanga pivotiyi anaipanga tsiku lomwe deta inkathera pa mzere 1201. Alimi omwe analembedwa pambuyo pake, kuyambira mzere 1202 mpaka 1248, ali kunja kwa malire. Werengani, ndi 47 ndendende.

A Mavuto sananame za Refresh, kungoti inali mbali imodzi ya nkhani. Pivoti ya mu Excel siyang'ana deta nthawi zonse. Imajambula chithunzi cha deta n'kumagwira ntchito ndi chithunzicho, ndipo Refresh imangojambulanso china. Koma imajambula malo omwewo omwe inauzidwa. Mukasintha dzina la mudzi pa mzere 500, Refresh iona. Mukaonjezera munthu pa mzere 1202, mudine kakhumi kaya ka zana, siimuona.

Mavuto: Chabwino madala, ndagonja pang'ono. Pang'ono pokha.

Nachisale: Zikumveka. Alimi a ku Golomoti mafomu awo anabwera mochedwa, analowetsedwa sabata yatha. Ndi omwewo ali pansiwo. Ndiye ndingosintha 1201 kukhala 1248?

Yamikani ku Joni: Osavutika ndi zimenezo sisi. Ine ndimangoika makolamu athunthu, `$A:$F`, basi. Kaya muonjezere anthu masauzande angati, onse amalowa. Chiyambireni sindinaonepo vuto.

A Gondwe: Zimagwira ntchito, a Yamikani, sindikana. Koma pivoti imatenganso mizere yonse yopanda kanthu ya pansiyo, ndiye mumapeza kamzere kolembedwa `(blank)` pa lipoti. Anthu ambiri kamawanyansa, ndiye amapita pa fyuluta n'kuchotsa chongi pa `(blank)`. Apo ndi pomwe pamayambira vuto lina. Mlimi weniweni amene `EPA` yake sinalembedwe amagweranso mu `(blank)` momwemo, ndipo mwamubisa osadziwa. Komanso mukachotsa chongi pamanja chonchi, dera latsopano likadzabwera m'deta limatha kulowa lopanda chongi, osaoneka pa lipoti, pokhapokha mutakhala kuti munachonga `Include new items in manual filter` mu `Field Settings`.

Ine ndimakonda kusandutsa deta kukhala tebulo. Dinani paliponse m'deta, Ctrl+T, onetsetsani kuti `My table has headers` yachongedwa. Tebulolo mulipatse dzina pa `Table Name`, tinene `tbAlimi`. Kenako pa `Change Data Source` paja fufutani zonse mulembe `tbAlimi`. Tebulo limakula lokha mukalemba pa mzere wotsatira pansi pake, ndiye malire sadzatsaliranso m'mbuyo. Refresh yokhayo muzidinabe.

Yamikani ku Joni: Ine `(blank)` ndimangomusiya aoneke, sandiluma. Koma ndamva. Kuntchito kwathu timagwiritsa Google Sheets, kumeneko kulibe za Refresh, pivoti imasintha yokha mukasintha deta.

A Gondwe: Imasinthadi yokha, koma malire aliponso kumeneko. Mukaipatsa `A1:F1201` ikhala pomwepo mpaka mutaisintha.

Mai a Tiya: Pepani kulowerera. Inenso langa ndi lomweli. Ndimalemba za banki mkhonde yathu pa laputopu ya mwana wanga, ndiye anandipangira pivoti yoonetsa ndalama zomwe aliyense waponya. Mwezi uno m'bokosi tinawerenga K640,000 koma pivoti ikuti K1,275,000. Amayi anzanga akanaona akanati ndadya theka. Nditani?

Anaphiri: Amayi, lanulo ndi lina, la Nachisale anthu akuchepa pomwe lanu ndalama zachuluka pafupifupi kawiri. Taonani pansi pa deta yanu, kodi palibe mzere womwe munalemba zonse pamodzi, wa totala?

Mai a Tiya: Ulipo. Ndimauika nthawi zonse kuti ndiziona msanga.

Anaphiri: Ndi umenewo. Pivoti ikuutenga ngati membala wina amene waponya K640,000 yekha. Uchotseni pansipo, muuike pambali kapena pa tsamba lina, mudine Refresh. Nambala ikachuluka pafupifupi kawiri chonchi, poyamba kuyang'ana ndi pamenepo.

Mai a Tiya: Mwana akabwera ku sukulu tiyesa. Zikomo, pitirizani zanu.

Nachisale: Ndapanga tebulo lija, ndasintha malire, ndadina Refresh. Tsopano ikuti 1,206. Yayandikira koma sinafike. Ndipo a Gondwe, munati otsala ndi 37, koma apa 1,247 kuchotsa 1,206 ndi 41. Achulukanso bwanji?

A Gondwe: Musadandaule, ndimayembekezera kuti isuntha. Yang'anani kumanja, pa bokosi la `Values`. Palembedwa `Count of` chiyani?

Nachisale: `Count of Foni`.

Anaphiri: Eeee ndi zimenezotu. Kumudzi si aliyense ali ndi foni.

A Gondwe: Anaphiri anena kale. Ambiri amaganiza kuti `Count` ya mu pivoti imawerenga mizere. Ayi. Imawerenga timabokosi tomwe muli kanthu, mu kolamu yomwe mwaiponya pa `Values`. Mukaponyapo `Foni`, funso lomwe mwafunsa ndi lakuti alimi angati analembetsa nambala ya foni, osati alimi angati alandira mbewu. Pivoti yayankha molondola funso lomwe inafunsidwa. Tsimikizani nokha:

```
=COUNTBLANK(E2:E1248)
```

Ndikuyembekezera 41. Mwa alimi 1,200 oyamba aja, 37 analibe foni. Mwa 47 a ku Golomoti omwe angolowa, anayi alibenso. N'chifukwa chake yachoka pa 37 kufika pa 41.

Nachisale: 41 ndendende! Ndachotsa `Foni` pa `Values`, ndaikapo `ID`. `Grand Total` tsopano ndi 1,247. Mulungu akudalitseni abambo, ndimati ndigona kuofesi.

Mavuto: Nkhani yatha, tiyeni tikadye.

A Gondwe: Dikirani pang'ono a Mavuto, nsima siithawa. Kolamu yowerengera izikhala yomwe siingakhale yopanda kanthu, ndipo muyambe mwaiyesa ndi `COUNTA` monga tinachitira ndi `ID`. Samalaninso ndi kolamu ya mafomula. Fomula yomwe imabweza `""` imaoneka ngati kabokosi kopanda kanthu, koma `COUNTA` imakawerenga, pivoti nayonso imakawerenga. Maso amati mulibe kanthu, Excel imati muli.

Koma chomwe ndikufuna kunena kwenikweni ndi ichi. Totala kugwirizana si umboni woti zonse zili bwino. Tiyerekeze kuti mizere isanu inatsala kunja kwa malire, ndipo ina isanu inalembedwa kawiri mkati. Totala ya pivoti igwirizana ndi mafomu anu bwinobwino, chonsecho zolakwika zilipo khumi. Ndiye mukagwirizanitsa totala, tsikani muonenso dera ndi dera. Amayi, pivoti yanu pa `Rows` pali `EPA`, eti? Tikopereni momwe ikuonekera.

Nachisale: Nayi:

```
Bembeke       298
Golomoti      274
Linthipe      312
Linthipe        9
Lobi          354
Grand Total  1247
```

Linthipe akuoneka kawiri. Ndinaziona kale koma ndimati ndi mmene pivoti imachitira nthawi zina.

Anaphiri: Siichita yokha zimenezo. Wina polemba anadina sipesi kumapeto kwa dzina. Maso sangaone, koma kwa Excel "Linthipe" ndi "Linthipe " ndi madera awiri. Ife ku chipatala timakumana nazo mwezi ndi mwezi pa maina a midzi. Pezani mzere umodzi mwa 9 imeneyo muyese `=LEN(C2)`, kusintha 2 kukhala nambala ya mzerewo. Linthipe ali ndi zilembo 8. Ikatuluka 9, ndi sipesi.

Nachisale: Yatuluka 9. Ndipo taonani, pa tsamba lina pali ka tebulo komwe mnzanga amawerengera ndi `=COUNTIF(Alimi!C:C,"Linthipe")`, kakuti 312. Ndiye kuti malipoti onse a m'mbuyomu a Linthipe amapita operewera.

A Gondwe: Mwina operewera ndi 9, mwina ndi ochepera apo, zitengera kuti mizere imeneyo inalowa liti. `COUNTIF` imafuna dzina lofanana ndendende, sipesi imaisokoneza. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zokha sizivuta, "LOBI" ndi "Lobi" Excel imaziphatikiza, mu pivoti ndi mu `COUNTIF` momwe. Popeza ndi mizere 9 yokha, ikani fyuluta pa `EPA` mukonze pamanja. Ikanakhala yambiri mukanapanga kolamu ina ya `=TRIM(C2)`. `TRIM` ikakanika, kawirikawiri ndi sipesi ya mtundu wina yomwe imabwera ndi zinthu zokopera pa intaneti, imeneyo imachoka ndi iyi:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(C2,CHAR(160)," "))
```

Nachisale: Ndakonza pamanja. Linthipe tsopano ndi 321, mzere umodzi.

Anaphiri: Poti mwatchula fyuluta, ndinene zomwe zinandionekera ine, mwina zithandiza wina. Kwanga zinali zotembenuka, pivoti inkachuluka kuposa kuwerenga kwanga. Ndinkasankha kolamu yonse n'kuyang'ana pansi pa sikirini pomwe pamalembedwa `Count`. Pansipo pankati 430, pivoti inkati 518. Ndinalimbana ndi pivoti tsiku lonse, osadziwa kuti wina anasiya fyuluta pa kolamu ya kutali kumanja, yomwe sinkaoneka pa sikirini. `Count` ya pansi ija imawerenga zooneka zokha. Pivoti ilibe nazo ntchito za fyuluta ya pa deta, imatenga mizere yonse, yobisika ndi yooneka yomwe. Chizindikiro chake, manambala a mizere kumanzere amasanduka a buluu ndipo amadumphadumpha.

Mavuto: Komanso mukasankha kolamu yonse podina chilembo cha pamwamba, `Count` ya pansiyo imawerenganso mutu. Iyi yokha ndikuidziwa, musandilande kkkk.

A Gondwe: Mwalondola a Mavuto. Pa nkhani ya Anaphiri, njira yachidule ndi kuika mafomula awiri moyandikana:

```
=COUNTA(A2:A1248)
=SUBTOTAL(103,A2:A1248)
```

Yoyamba imawerenga zonse, yachiwiri zooneka zokha. Zikasiyana, pali mizere yobisika penapake. Muziyerekeza pivoti ndi yoyambayo.

Nachisale: Kwanga zonse ziwiri zikuti 1247. Koma abambo, pali china. Pomwe mumacheza za banki mkhonde, ndinafuna kutsimikiza kuti 47 aja ndi a pansi okhaokha. `Sheet5` ija sindinaifufute, ikadali ndi alimi 1,200 akale. Ndiye pa kolamu G ndinalemba izi n'kukokera pansi:

```
=COUNTIF(Sheet5!A:A,A2)
```

Ndimayembekezera kuti ma 0 akhala 47. Atuluka 45. Mizere iwiri ya pansi ikuonetsa 1, ngati kuti inalimo kale.

A Gondwe: Mwachita bwino kwambiri kuyesa zimenezo, ndipo mwatulukira chinthu chomwe totala sikanakuuzani. Mizere iwiriyo payokha sinalimo, koma `ID` zake zinalimo. Kutanthauza kuti nambala zimenezo zalembedwa kawiri, kamodzi kumtunda, kamodzi m'gulu la mochedwa lija. Ndipo ngati zilipo ziwiri zomwe zaoneka mwangozi chonchi, pakhoza kukhala zina. Excel yanu ndi iti?

Nachisale: 2016.

A Gondwe: Ndiye `UNIQUE` mulibe, imeneyo ili mu 2021 ndi 365. Gwiritsani iyi, imachedwa pang'ono koma pa mizere yochepa chonchi siivuta. Imafuna kuti mu kolamu musakhale kabokosi kopanda kanthu, ndipo tatsimikiza kale kuti mulibe.

```
=SUMPRODUCT(1/COUNTIF(A2:A1248,A2:A1248))
```

Ikupatsani chiwerengero cha `ID` zosiyana. Kuti muwaone anthuwo ndi maso, sinthani fomula ya pa G ija ikhale `=COUNTIF(A:A,A2)`, muike fyuluta pa zoposa 1.

Nachisale: Yatuluka 1241. Fyuluta yandipatsa mizere 12, ma `ID` asanu ndi imodzi, iliyonse kawiri. Mutu wayambanso kuwawa.

Mavuto: Zosavuta izo. `Data`, `Remove Duplicates`, mwamaliza. Lembani 1,241.

Anaphiri: Ayi ayi a Mavuto, musamuphunzitse zimenezo mwana wa eni. `Remove Duplicates` imasunga mzere woyamba n'kutaya wachiwiri osafunsa kuti woona ndi uti. Nachisale, tayang'anani maina pa mizere 12 imeneyo. Akufanana?

Nachisale: Anayi akufanana zonse, dzina, mudzi, makilogalamu. Awiri aja a ku Golomoti ndi osiyana. `ID` imodzi koma maina ena, midzi inanso. Wina ndi mayi wa ku Lobi, mnzake wa nambala yomweyo ndi bambo wa ku Golomoti.

Anaphiri: Mwaona? Awiriwo ndi anthu enieni osiyana, wolemba anangophonya nambala. Mukanadina batani lija pa kolamu ya `ID` mukanafufuta alimi awiri omwe mbewu analandiradi. Ine ndikuti nambala yanu ndi 1,243. Chotsani anayi obwerezedwa, awiriwo asiyeni, mukonze `ID` zawo mukaona mafomu.

A Gondwe: Pa awiriwo ndikugwirizana nanu Anaphiri. Pa anayiwo sindinafike potsimikiza. Mzere kufanana ndi unzake kukhoza kutanthauza kuti fomu imodzi inalowetsedwa kawiri. Kukhozanso kutanthauza kuti munthuyo anaima pa mzere kawiri, n'kusaina kawiri, n'kunyamula matumba awiri. Zikakhala choncho, mlimi ndi mmodzi koma mbewu inatuluka kawiri, ndipo mukafufuta mzerewo makilogalamu anu sadzagwirizana ndi buku la kosungira katundu. Excel singakuuzeni kuti chinachitika n'chiti. Ayankhe ndi mapepala.

Anaphiri: Koma funso la abwana ndi alimi angati, osati matumba angati. Kaya analandira kawiri, munthuyo ndi mmodzi. 1,243 siisintha.

A Gondwe: Ngati alidi munthu mmodzi. M'midzi mwathumu maina amafanana, mayi ndi mwana wake wamkazi kupezeka ndi dzina limodzi m'mudzi umodzi si zachilendo, ndipo wolemba akaona dzina lomwe analiona kale amatha kungokopera nambala yomweyo. Ine sindingasaine 1,243 ndisanaone siginecha kapena chidindo cha chala pa mafomu asanu ndi atatuwo, kapena anayi ngati ndi anayi.

Anaphiri: Apo ndiye mukufuna mwana asagone, abambo.

Yamikani ku Joni: Funso langa, bwanji osangouza pivoti kuti iziwerenga anthu osabwereza? Ku Google Sheets timangosankha `COUNTUNIQUE`.

A Gondwe: Mu Excel iliponso, dzina lake `Distinct Count`, kuyambira 2013. Koma imaoneka pokhapokha popanga pivoti mutachonga `Add this data to the Data Model`. Ikanapereka 1,241 yomwe tapeza kale, yomwe Anaphiri asonyeza kuti ndi yoperewera ndi awiri. Ilinso ndi kakhalidwe kena kodabwitsa anthu: manambala a madera mukawaphatikiza pamanja sagwirizana ndi `Grand Total`. `ID` ya mayi wa ku Lobi ija iwerengedwa kamodzi ku Lobi, kamodzi ku Golomoti, koma pa totala kamodzi kokha. Wina akatenga kakyuleta adzati pivoti yalakwa, pomwe sinalakwe. Ndipo kudina kawiri kuja, pa pivoti ya `Data Model` kumangotulutsa mizere 1,000 yoyamba, ndiye njira yomwe tagwiritsa lero ikanatinamiza.

Yamikani ku Joni: Ndiye bola yakale yomweyo.

Nachisale: Ndiye mawa ndilembe chiyani? Mafomu a ku Lobi ndi Bembeke ali muno mu kabati, ndiwaona usiku uno magetsi akapanda kuthima. A ku Golomoti anabwerera kwa alangizi, sindingawapeze mawa lisanafike.

A Gondwe: Ndikanakhala ine, ndikanalemba kuti mizere yolembedwa ndi 1,247, ndipo pansi pake kachiganizo kamodzi: `ID` zisanu ndi imodzi zabwerezedwa, tikufufuza, chiwerengero cha alimi chikhoza kutsika mpaka 1,243. Osafufuta kanthu m'deta. Onjezerani kolamu ya ndemanga mulembepo pa mizere 12 ija.

Anaphiri: Abwana anati nambala imodzi. Mukawapatsa ziwiri adzasankha yaikuluyo, kachiganizo kanu kadzatayika pokopera mu lipoti la kulikulu, ndipo 1,247 idzakhala yomweyo mpaka kalekale. Ine ndikanalemba 1,243 pamwamba, 1,247 pansi.

Mavuto: Ine ndikanalemba "alimi oposa 1,200" n'kupita kunyumba.

Nachisale: Kkkk a Mavuto, mukufuna andichotse ntchito. Ndiyamba ndaona mafomu omwe ndili nawo, atatu mwa anayi aja ndi a ku Bembeke. China chomwe ndikufuna, mwezi wamawa zisadzachitikenso mwakachetechete. Pali njira yoti fayilo izindichenjeza yokha?

A Gondwe: Ilipo. Pamwamba pa pivoti siyani kabokosi kamodzi koyesera. Lembani `=ROWS(tbAlimi)-` kenako mudine pa nambala ya `Grand Total` ndi mausi, Excel imaliza yokha. Zituluka zofanana ndi izi:

```
=ROWS(tbAlimi)-GETPIVOTDATA("ID",$A$3)
```

Ikakhala 0, pivoti yawerenga mzere uliwonse wa m'tebulo. Ikakhala nambala ina, mwina simunadine Refresh, mwina pa pivoti pali fyuluta, mwina wina walowetsa mlimi wopanda `ID`. Ndaika `ROWS` dala m'malo mwa `COUNTA`, chifukwa `COUNTA` ikanadumpha wopanda `ID` uja monga momwe pivoti imamudumphira, zonse n'kugwirizana pa bodza. Musaloze kabokosi ka totala mwachindunji ngati `B8`, chifukwa dera lina likaonjezereka totala imatsika mzere umodzi, fomula n'kutsala ikuloza Lobi. Mu `PivotTable Options`, pa `Data`, chonganinso `Refresh data when opening the file`.

Koma kabokosi kameneka sikaona za sipesi ya Linthipe, sikaonanso za obwerezedwa. Fomula ya `SUMPRODUCT` ija muisiye pambali pake.

Nachisale: Ndaika, ikuti 0. Ndatsegulanso kabati. Wa ku Bembeke woyamba fomu yake ndi imodzi yokha, ndiye ameneyo analowetsedwa kawiri. Wachiwiri mafomu alipo awiri, masiku osiyana, koma chidindo cha chala sindingathe kusiyanitsa, inki inafalikira.

Anaphiri: Imbirani alangizi a kumeneko m'mawa, amawadziwa anthu awo.

Mai a Tiya: Mwana wabwera, tachotsa mzere uja. Tsopano ikuti K635,000. K5,000 yapitanso kuti?

Anaphiri: Amayi, taonani mu kolamu ya ndalamayo ngati palibe pomwe munalemba ndi K kutsogolo, ngati K5000. Excel imaiona ngati mawu, siiphatikiza. Ikhala yokhayo yotsamira kumanzere pomwe zinzake zili kumanja.

Mai a Tiya: Koma totala yanga yakale ija inkati 640,000.

Anaphiri: Munaipeza ndi fomula kapena munailemba pamanja mutawerenga za m'bokosi?

Mai a Tiya: Pamanja.

Anaphiri: Ndiye fufuzani K ameneyo.